Meseji ya handova iyi ndi yokwanira? Mlandu wagwera ine

Lida_wa_naiti
Abale ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene mumagwira za mashifiti. Ine ndi lida wa shifiti ya usiku pa fakitale ina yothira sopo wamadzi m'mabotolo, timalowa 10 koloko usiku kuweruka 6 m'mawa. Dzana mnzanga wa shifiti ya masana anandisiyira meseji iyi pa gulu la kuntchito, ndaikopera mmene ilili:

"Layini 2 yaima, fitala akudziwa. Oda ya mawa yatsala pang'ono. Mapaleti ena ali pambali. Za malebulo ndiziona ine. Zina zonse zili bho."

Pamene ndimafika iye anali atatuluka kale pageti. Oda imeneyo inali ya mapaleti 40 ndipo lole imabwera 6 koloko m'mawa. Ndinawerenga pamalo opakira ndinapeza 26, nde ndinati atsala 14, layini 1 imatulutsa mapaleti awiri pa ola, tikachotsa buleki tikwanitsa ndendende. Cha m'ma 2 koloko malebulo anatha, ku sitolo kokiya, mpakana kuimbira wosunga makiyi kuti adzuke abwere tinataya ola ndi hafu. Kenako 5 koloko wa fokolifiti akundiuza kuti mapaleti atatu aja ali pambali ali ndi masitika a ku labu kumbuyo kwake, zotsekera zikudontha, sakuyenera kutuluka. Lole inapita ndi 34. Manejala akuti vuto ndi ine chifukwa sindinamuimbire 10 koloko yomweyo. Ndikanamuimbira kumuuza chani poti meseji imati zili bho?

Zachangu88
Mukanangomuimbira foni mnzanuyo basi. Miniti imodzi nkhani yatha. Zolembalembazi nzotaya nthawi, munthu pakamwa amafotokoza bwino.

Lida_wa_naiti
Ndinaimba kawiri sanayankhe, anali mu basi kaya foni inali m'chikwama kaya. Komanso kunena zoona panthawiyo palibe chimene chimaoneka chodetsa nkhawa kupatula layini 2.

Kalaliki_wa_ofesi
Munthu akamasiya ntchito amayenera kupereka notisi ndi kusiyira mnzake chilichonse molemba, makiyi, mafayilo, zonse, asanalandire ndalama zake zomaliza. Apa ofesi yoona za antchito ndiyo yalakwa kumulola kupita chonchi.

Wa_fokolifiti
Akulu werenganinso, munthuyo sanasiye ntchito, wangoweruka. Mawa 2 koloko masana akhala alipo.

Kalaliki_wa_ofesi
Ooh ndamva. Pitirizani.

Mkulu_wa_pulanti
Achimwene a naiti, ndisanayankhe ndifunse kaye. Pano mwadziwa kuti layini 2 inaima nthawi yanji ndipo chinavuta nchani? Nanga a ku labu anaimika mapaleti aja nthawi yanji? Ndikufunsa chifukwa ndikufuna tione zimene mnzanuyo ankazidziwa pa nthawi imene amalemba meseji, tisamuweruze ndi zinthu zimene zinadziwika m'mawa.

Lida_wa_naiti
Ndafufuza dzulo. Layini inaima 6:40 madzulo, beyaringi ya mota ya lamba wonyamula mabotolo inaphwanyika. Fitala anamasula mota nkuchotsa chotchinga cha lamba, sipeya mu sitolo munalibe, anaitanitsa kunja kuti ifika cha m'ma 10 m'mawa. A ku labu anamata masitika 7 koloko madzulo ndipo anamuuza iyeyo pamasom'pamaso kuti adzayezanso 8 m'mawa. Malebulo anaona yekha kuti watsala mpukutu umodzi ndi kachidutswa, amafuna akatenge ena ku sitolo isanatsekedwe 8 koloko koma anatanganidwa ndi layini 2 nkuiwala.

Mkulu_wa_pulanti
Nde onani. Zonse zinayi ankazidziwa pofika 8 koloko, maola awiri asanaweruke. Palibe chimene ananama mu meseji ija, layini inaimadi, mapaleti analidi pambali, koma palibe mzere olo umodzi umene inu mukanagwirira ntchito.

Tiyambe ndi oda chifukwa ndi pamene panagona nkhani yonse. Inu munawerenga 26 nkupeza kuti atsala 14. Koma abwino anali 23, kutanthauza kuti amatsala 17. Mapaleti 17 pa layini yotulutsa awiri pa ola ndi maola 8 ndi hafu, shifiti yanu ndi maola 8 buleki ili momwemo. Ndiye olo malebulo akanakhala odzadza sitolo yonse, oda imeneyo sikanatheka usiku umenewo. Inali italephereka kale 7 koloko madzulo pamene labu inamata masitika, kungoti panalibe amene anachita masamuwo. Mnzanuyo akanalemba manambala awiri okha, 23 abwino, 17 atsala, inuyo mukanaona pompo kuti sizikwana ndipo manejala mukanamuimbiradi 10 koloko, iye nkuona chochita, kaya kuuza lole ibwere mochedwerako kaya kuuza kasitomala kuti alandira zoperewera. Zimenezo usiku zimakonzeka. 5 koloko m'mawa lole ili panjira sizikonzekanso.

Nchifukwa chake ine ntchito yosamalizika ndimafuna ilembedwe ndi nambala ya zimene zachitika, nambala ya zimene zatsala, ndi nthawi imene ikufunika. Pang'ono wa munthu amene wakhala pa oda tsiku lonse ndi pang'ono wa munthu amene wangofika kumene nzosiyana.

Wamasana_nane
Ine ndimagwira shifiti ya masana ngati mnzawoyo ndipo ndikuona ngati mukumupanikiza munthu. Kuyambira 6:40 layini yafa, akuthamangira fitala, labu ikumuitana, anyamata a layini 2 akufunika kuwapezera chochita, mukuganiza kuti 9:55 ali ndi mutu wolemba kalata yaitali? Komanso wobwerayo ali ndi maso. Mapaleti ali pambali osazungulira kumbuyo kuona bwanji? Meseji inanena kuti ali pambali, chimenecho chokha ndi chizindikiro.

Lida_wa_naiti
Kwathu mapaleti amaikidwa pambali pazifukwa zambiri achimwene, malo akachepa, akakhala a oda ina, pulasitiki yokulunga ikang'ambika. Ndipo anali atayang'ana kukhoma.

Wa_fokolifiti
Apa mbali ina ndikugwirizana ndi Wamasana. Sitika imayenera kumatidwa mbali imene foko imalowera, osati mbali imodzi yakukhoma, ndipo katundu woimikidwa sakhala malo amodzi ndi wopita. Ine ndikanafika ndi changu ndikanangobaya nkukweza mu lole, kasitomala nkulandira makatoni onyowa. Ameneyo wa foko wanuyo mumuthokoze.

Sipanala17
Inu nonse mukukamba za mapaleti koma ine chandiopsa ndi mzere woyamba. Fitala akudziwa. Akudziwa chani? A Lida, pa swichi ya layini 2 panali loko?

Lida_wa_naiti
Panalibe loko. Panali kachidutswa ka katoni kolembedwa kuti osayatsa, kokoleka ndi waya. Mnyamata wina wa shifiti yanga anafika pofunsa ngati tingayese kuyatsa kuti mwina inangotentha yazizira, ndinamukaniza.

Sipanala17
Mwaona? Mota yomasula, chotchinga palibe, magetsi osakiya, ndipo meseji ikuti zili bho. Katoni imagwa, imanyowa, wosesa amaichotsa. Fitala akasiya makina ali chimasulire amayenera kuzimitsa pa swichi yaikulu, kukiya ndi loko wake, kupachika chikwangwani cha dzina lake ndi nthawi, ndipo loko ameneyo sachotsa munthu wina. Kenako mu handova mulembedwe kuti makinawo ndi omasula, chotchinga chachotsedwa, osayatsa. Kwa ine uwu ndi mzere umene umayenera kukhala pamwamba penipeni, oda ibwere pambuyo. Mapaleti 6 operewera mawa apangidwa, dzanja la mnyamata uja likanalowa mu lamba silikanabwerera.

Mkulu_wa_pulanti
Sipanala wanena zoona ndipo nkhani yotereyi inaphapo anthu ambiri. Amene munachitako maphunziro a chitetezo pa ntchito mwina munamvapo za Piper Alpha, malo okumba mafuta ndi gasi pa nyanja ya North Sea kufupi ndi Scotland. Pa 6 Julaye 1988 a masana anachotsa valavu yotetezera pa pampu imodzi kuti aikonze, pa paipi nkungotsekapo ndi chitsulo chongoyembekezera, ntchito sinathe pofika nthawi yosinthana. Chipepala chonena kuti valavu palibe sichinafike m'manja mwa a usiku. Usiku womwewo pampu inayo itaima, a usiku anayatsa ija yopanda valavu poganiza kuti ili bwino, gasi anatuluka nkuphulika. Anafa anthu 167. A masana ankadziwa bwinobwino, koma amene anali pa swichi nthawi imeneyo sankadziwa.

Zachangu88
Aaa mwafika patali, fakitale ya sopo ndi chitsime cha mafuta?

Sipanala17
Lamba wa fakitale ya sopo amadula zala chimodzimodzi aise.

Nesi_wa_ku_wodi
Ndalowa mochedwa koma mawu oti fitala akudziwa andikumbutsa zathu. Ife timalandira lipoti lakuti adokotala auzidwa. Ukamva choncho mtima umakhala pansi, umaganiza kuti nkhaniyo ili m'manja mwa wina. Tsiku lina ndinalandira wodwala amene magazi ake anali atatsika kuthamanga madzulo, lipoti likuti adokotala auzidwa, nditawaimbira patapita nthawi anandiuza kuti inde anauzidwa ndipo ananena kuti ayezedwenso pakatha mphindi 30 ndipo awaimbirenso zikapanda kusintha. Mbali yachiwiriyo ndi imene inasowa mu lipoti. Iwo amadikira foni yathu, ife timadikira iwo abwere. Mwamwayi wodwalayo anakhala bwino. Kuchokera pamenepo ndikamva kuti wakutiwakuti wauzidwa ndimafunsa pompo: wauzidwa nthawi yanji, anayankha kuti chani, ndipo pano mpira uli kwa ndani, kwa iye kapena kwa ife. Chinthu choimitsa ntchito sichikwana kungochitchula, pamafunika kunena amene tikumudikira ndi nthawi imene tiyambe kuda nkhawa akapanda kuoneka.

Komanso ife handova timapanga tikuyenda bedi ndi bedi, wotuluka ndi wolowa limodzi, chifukwa ukaima pa wodwala umaona wekha kuti dilipi yatsala pang'ono olo mnzako aiwale kunena. A Lida mukanayenda ndi mnzanuyo mpaka pa mapaleti aja sakanalephera kukuuzani chifukwa chake ali pambali.

Lida_wa_naiti
Achemwali zimenezo ndimazifuna koma kwathu shifiti ina imatha 10:00 ina imayamba 10:00, basi imene yatibweretsa ndi yomweyo imawatenga iwo. Tikakumana ndi pageti.

Wamasana_nane
Apa nde pali vuto lenileni, osati meseji. Kampani ikufuna handova yabwino koma sikufuna kulipira mphindi 15 zoti anthu akumane. Ukatsalira kuti ufotokoze bwino basi yakusiya ndipo ovataimu sakulembera. Ndiye mukuti munthu adzipereke yekha?

Mlonda_pa_geti
Ife alonda nde musanene. Wokulandira akachedwa sungachoke, umangokhala mpaka abwere olo maola awiri, ndipo palibe amakuwerengera. Ine wina amabwera mochedwa Lolemba lililonse, ukamufunsa akuti mayendedwe, ngati enafe timauluka.

Zachangu88
Ameneyo mukamunenere kwa supavaiza, mukamusekerera azolowera.

Mlonda_pa_geti
Ndinanena kale. Koma pa nkhani yanuyi ife tili ndi buku, chilichonse chimalembedwa ndi nthawi yake, galimoto yalowa, kiyi watengedwa ndi uje sanabweze, ndipo wolowa amasaina kuti wawerenga. Akasaina nkhani ndi yake. Inu za pa foni zimakwiririka, gulu lomwelo anthu akutumiza zithunzi ndi moni, meseji ya handova ili pakati.

Kalaliki_wa_ofesi
Bola voyisi noti, munthu amafotokoza zonse akuyenda kupita ku basi.

Wa_fokolifiti
Ayi ayi. Voyisi ya mphindi 4 mu fakitale makina akulira uimvera kuti? Ndipo 3 koloko usiku ukafuna nambala ya bachi uyambirenso kumvera kuchokera poyamba? Zolemba umangoyang'ana.

Mkulu_wa_pulanti
Tibwerere ku meseji, watsala mzere umodzi umene sitinaukhudze ndipo kwa ine ndi woipa kuposa wa oda. Za malebulo ndiziona ine.

Taganizani zimene mzere umenewu unachita. A Lida akanapanda kuuzidwa chilichonse za malebulo, mwina poyendera layini 1 akanaona kuti mpukutu watsala umodzi nkuyamba kusakasaka kiyi 10 koloko, layini ikuyendabe. Koma atawerenga kuti mnzawo aziona, anazichotsa m'mutu, ndipo anachita bwino kutero chifukwa ndi zimene mawuwo amatanthauza. Mnzawoyo naye atakwera basi zinachoka m'mutu mwake. Nde ntchito inakhala yopanda mwini kuyambira 10 mpaka 2 koloko, aliyense akuganiza kuti ili ndi mwini. Lonjezo la munthu amene akupita kukagona ndi loopsa chifukwa limamanga manja a amene watsala.

Komanso funsani, akanaziona bwanji? Sitolo inatsekedwa 8, iye akuweruka 10, akubweranso 2 koloko masana mawa lake. Malebulo amatha 2 koloko usiku. Lonjezolo silikanatheka olo akanakumbukira. Lamulo limene ine ndimawapatsa malida anga ndi lakuti chinthu chimene chifunike iwe usanabwerenso si chako, chipereke. Chimene ungalonjeze ndi chokhacho chimene chingadikire mpaka ubwere kapena chimene uchichite usanatuluke pageti, ndipo ulembe nthawi, ndi zimene mnzako achite nthawiyo ikadutsa osamva kwa iwe.

Ndi zimene a Lida atiuza, ine meseji ija ndikanailemba chonchi:

"Handova 9:45 usiku. LAYINI 2 OSAYATSA, mota yamasulidwa, chotchinga cha lamba palibe, pa swichi pali katoni chabe loko palibe, chonde wamagetsi wa usiku akiye. Inaima 6:40, beyaringi. Sipeya ifika cha m'ma 10 m'mawa, fitala wa m'mawa ndi amene amange. Usiku uno musaiwerengere.
Oda ya lole ya 6 koloko: 40, abwino 23, atsala 17. Pa layini 1 yokha sizikwana, manejala sindinamuuze, muimbireni.
Mapaleti atatu kukhoma ndi oimikidwa ndi labu, zotsekera zikudontha, osakweza. Ayezanso 8 m'mawa.
Malebulo watsala mpukutu umodzi ndi kachidutswa, atha cha m'ma 2. Sindinatenge, sitolo yatsekedwa, itanani wa makiyi pano.
Ine ndilemba lipoti la kuima kwa layini 2 mawa ndikafika 2 koloko, limenelo musavutike nalo."

Werengani nokha, sizitenga mphindi 5 kulemba. Ndipo onani kuti muli mawu awiri amene anthu amaopa kulemba, sindinamuuze ndi sindinatenge. Amenewo ndi amene ali ndi phindu kwambiri kwa wolandira chifukwa ndi amene akumuuza kuti ntchitoyi ndi yako tsopano.

Wamasana_nane
Meseji yabwino, sindikukana. Koma akulu mukulemba muli phee, mukudziwa kale mathero a nkhani. Ndipo tinene chilungamo, kulemba kuti sindinatenge pa gulu limene manejala alimo ndi kudzipereka wekha kuti mawa ukaitanidwe ku ofesi. Anthu amalemba ndiziona chifukwa malo ambiri ukavomera kuti china sichinatheke umalandira kalata ya chenjezo. Konzani zimenezo kaye.

Mkulu_wa_pulanti
Pamenepo sinditsutsa. Manejala amene amakalipira munthu chifukwa cholemba zoona amadziphunzitsira yekha anthu ake kulemba zili bho, ndipo mapeto ake amadzidzimuka 5 koloko m'mawa ngati mmene zachitikiramu. Za kukhala phee, njira yake ndi kusadikira 9:55. Layini itaima 6:40 ulembe mzere umodzi pompo mu kabuku kapena mu foni, labu ikabwera 7 mzere wina, ukaona malebulo mzere wina. Pofika nthawi yoweruka umangokonza manambala nkutumiza. Amene amayamba kukumbukira shifiti yonse ali pa mzere wa basi amakumbukira chachikulu chokha, tating'onoting'ono ngati malebulo timagwa.

Nesi_wa_ku_wodi
Ine pamene ndikusiyana nanu pang'ono ndi pa lamulo lanu loti chilichonse chofunika usanabwere uchipereke. Pali zina zimene wotuluka ndi amene angazimalize msanga. Ngati ndakhala ndikulankhula ndi a ku labu za zotsatira za wodwala ndipo andiuza kuti zituluka pakatha mphindi 20, bola ndidikire ndimalize ndekha kusiyana ndi kuyamba kufotokozera mnzanga nkhani yonse kuchokera pachiyambi. Kupereka chilichonse nakonso kumamuunjikira wolowa, amayamba shifiti ali ndi ntchito khumi za eni ake.

Mkulu_wa_pulanti
Ngati mukudikira muli pomwepo ndiye simunatuluke, palibe vuto. Ine ndikukana zolonjeza uli kunyumba.

Nesi_wa_ku_wodi
Olo uli kunyumba, foni imodzi yokha ukhoza kuimba. Chachikulu ndi kunena kuti ndikuuzani pofika 11, mukapanda kumva imbani nokha.

Sipanala17
Pofika 11 munthu wagona achemwali. Ine ndili mbali ya akuluwa, ukatuluka pageti manja ako achoke.

Zachangu88
Nde mwabwerera kwa ine, foni. Ndinanena poyamba paja.

Wa_fokolifiti
Foni imene sanayankhe ija?

Zachangu88
Lida wa shifiti amayenera kuyankha foni olo ataweruka, ndi udindo.

Wamasana_nane
Udindo wa ndani, wolipidwa ndi ndani? Munthu wagwira maola 8 aziyankhanso mafoni pakati pa usiku? Ngati handova ikufuna foni kuti imveke ndiye kuti yalephera, apo ndikuvomereza ngakhale ndimamuikira kumbuyo mnzangayo. Kulemba bwino kumatetezanso tulo ta wolembayo.

Mlonda_pa_geti
Koma funso la a Lida silinayankhidwe, wolakwa ndani?

Mkulu_wa_pulanti
Ine ndingati meseji ndi imene inalakwika kwambiri, ndipo fitala amene anasiya makina osakiya ali ndi mlandu wakewake umene ndi waukulu kuposa wa mapaleti. Koma wolandira naye ali ndi mbali yake, ndipo a Lida musandimve molakwa. Meseji ikabwera yopanda nambala olo imodzi, chimenecho chokha chikuuzeni kuti simunalandire handova. Mnzanu sanayankhe foni, chabwino, koma kaundula wa ku labu analipo, mapaleti mukanawazungulira, mpukutu wa malebulo unali pa makina mukanauona. Mphindi 15 zoyambirira muziyenda ndi meseji m'manja nkumatsimikiza mzere uliwonse ndi maso, chimene sichikugwirizana mulembe pa gulu nthawi yomweyo kuti ndalandira, koma izi ndi izi sizikumveka, ndapeza zakutizakuti. Mukatero manejala akuona 10:20 osati m'mawa, ndipo palibe angadzanene kuti munakhala chete.

Lida_wa_naiti
Ndamva akulu. Kaundula wa ku labu usiku amakhala mu ofesi yawo yokiya, nde ameneyo ayi, koma zoyenda ndi meseji ndi zoyankha pa gulu ndiyamba lero. Nkhani ya loko ndaitengera kale kwa woona za chitetezo, wati aikamba ndi mafitala onse. Zoti mashifiti azikumana mphindi 15 ndinamuuza manejala wangoti aziganizira.

Wamasana_nane
Mnzanuyo mwakamba naye?

Lida_wa_naiti
Tinakumana pageti dzulo, akuti iye amaona ngati mapaleti oimikidwa ndi nkhani ya labu kuuza aliyense, osati yake. Sitinamalize, basi imaliza hutala.

Nesi_wa_ku_wodi
Apo pali nkhani ina. Labu inauza munthu mmodzi pakamwa nkuweruka, kodi iwo alibe poti alembe kuti shifiti zonse zione?

Sipanala17
Malo ena amaika bolodi pafupi ndi malo opakira, bachi yoimikidwa imalembedwa pamenepo ndi a labu eni ake, amafufuta okha akaimasula. Koma ndinaonanso bolodi lotero litakhala ndi bachi ya mwezi watha palibe wofufuta, mpaka anthu anasiya kuliyang'ana.

Wa_fokolifiti
A Lida, nanga mapaleti atatu aja labu inati bwanji 8 koloko?

Lida_wa_naiti
Awiri anawamasula, limodzi akuti litsegulidwe katoni ndi katoni tisinthe zotsekera. Ntchito imeneyo aipereka ku shifiti ya masana, sindikudziwa ngati aimaliza lero kapena ndiipeza.